Sungani mapu a Joni ndi Chipwitikizi, azakhali

"Iwe, foni ikungoti malo atha ndipo Lachisanu ndikukwera basi ya ku Joni. Mamapu ndi zilankhulo unandiikira zija ndichotse ziti?"

Eee azakhali mwaswera bwanji, ndangoti ndijambule mawu, kulemba ndichedwa. Ndiyambe ndi mapu. Tsegulani Google Maps, dinani kachithunzi kanu pakona kumtundako, mulowe pa Offline maps, muona mndandanda wonse, aliwonse alembedwa ma MB ake ndi tsiku lomwe atha ntchito. A Lilongwe, a Mzuzu aja fufutani, kwanu simungasochere. Ndipo musavutike kudawunilodi msewu onse, Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, ayi, msewuwo akuudziwa ndi adalaivala, inu mwangokhala pampando. Pomwe mufunire mapu ndi potsika, pa Park Station, muli ndi zikwama, simu ya kuno yasiya kugwira, okulandirani sakuoneka. Ndiye dinani Select your own map, kabokosi kaja mukaike pa Johannesburg, mukakulitse mpaka komwe mukafikire kulowemo basi. Bokosi likakula ma MB nawo akwera, imakuuzani pansipo musanadine Download. Mupangire pa wayifayi, bando ingathe.

Kadontho kabuluu kosonyeza pomwe muli kamayenda ngakhale opanda data, bola Location ikhale yoyatsa. Koma dziwani izi, opanda netiweki imangokupatsani njira ya galimoto, ya wapansi kapena ya mateksi siibwera. Komabe mukakwera galimoto ya munthu osamudziwa mumatha kuona ngati akukuzungulitsani. Adiresi ija muilembenso papepala, batire imatha pa ulendo wa masiku awiri.

Zilankhulo ndiye mu Google Translate. Chipwitikizi, palembedwa Portuguese, chimenecho musachikhudze, chifukwa kuchoka pa Zobue mpaka kutuluka Mozambiki zikwangwani ndi mafomu ndi Chipwitikizi, wapolisi akhozanso kukuyankhulani chomwecho. Anthu ambiri ku Tete Chinyanja amamva ndithu koma pepala silimva. Mukaloza kamera pa chikwangwani imamasulira pompo. Chingerezi chimakhalamo kale. Chichewa mukafuna siyani, koma ine ndimaona kuti kuchoka Chipwitikizi kupita Chingerezi zimamveka bwinoko, Chichewa chake nthawi zina chimakhota. Chishona chotsani, ku Zimbabwe mungodutsa ndipo Chingerezi amayankhula. Chizulu muzaika mukafika ngati mwaona kuti chikufunika. Chifalansa chija kaya anaika ndani, chichoke.

Mukamaliza muyese muli pakhomo pompo. Yatsani Airplane mode, musake Park Station pa mapu, mukulitse muone ngati maina a misewu akutuluka. Mukaona mbee, misewu ing'onoing'ono osaoneka, ndiye kuti sizinatsike zonse, bwerezani. Mu Translate lembani mawu amodzi, ikamasulira zili bwino. Malo akavutabe, olakwa ndi mavidiyo a pa gulu lino lomwe, a ukwati aja, mundiimbire madzulo tichotsere limodzi.