Pokumbutsa abwana za ntchito: Chingerezi kapena Chichewa?

Funso: "Ndinachita intaviyu ya ntchito ya ukalaliki ku kampani ina ku Limbe. Mafunso onse anali m'Chingerezi, koma potuluka mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito anacheza nane m'Chichewa. Papita masabata atatu kuli zii. Ndiwafunse m'chiyankhulo chiti?"

Mchemwali, ngati mukulemba, lembani m'Chingerezi. Ku Malawi kuno makalata a ntchito, makontirakiti ndi malipoti a m'makampani amayenda m'Chingerezi, ndipo imelo yanu ikhoza kutumizidwa kwa manijala amene simunakumane naye n'komwe. Iyeyo adzaiwerenga ngati chitsanzo cha makalata amene muzidzalemba akakutengani. Mizere inayi yakwana: moni, dzina la ntchito, tsiku la intaviyu, ndi funso lanu. Chingerezi pamenepa chikunena kuti mukudziwa dongosolo, ndipo simukudalira kudziwana.

Mayi aja anasintha chiyankhulo pofuna kukumasulani mtima mutatuluka m'chipinda choopsa chija. Limenelo ndi khalidwe labwino chabe, musaliwerenge ngati lonjezo.

Pa foni ndi nkhani ina. Yambani m'Chingerezi, tchulani dzina lanu, kenako mverani. Akayankha kuti "Eya, muli bwanji?" atsatireni m'Chichewa, chifukwa kuumirira Chingerezi munthu wamkulu atatsika kale kumamveka ngati kudzimva. Akapitiriza Chingerezi, khalani momwemo. Mwina ndi munthu amene kwawo amayankhula Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo pa ntchito amamasuka ndi Chingerezi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi Chichewa chomwe achinyamata amasankha akapatsidwa mpatawo. Ndaonapo meseji ya pa WhatsApp yakuti, "Bwana mundiganizireko, kunyumba zinthu sizili bwino." Wolembayo ankayesa ndi ulemu, koma wolandira amamva kuti akupemphedwa kukondera, ndipo bwana woongoka amayamba kukutalikirani. Ina inali yakuti, "Zija zili pati?" Mawu oti "zija" amamveka ngati pali chinsinsi chimene munapangana awiri. Nanga meseji yotereyi itaonedwa ndi mkulu wawo?

Nenani chonchi: "Pepani ndakusokonezani, mayi. Ndinachita nawo intaviyu ya ukalaliki pa 4 Malichi. Ndimati ndifunse ngati zotsatira zatuluka." Taonani mawu oti "ndimati ndifunse". Ndi ofewa kuposa "ndikufuna kudziwa", amene amakhala ngati mukulonjerera ngongole. Ndipo mwafunsa za zotsatira, simunafunse ngati akutengani, choncho mayiwo akhoza kukuyankhani mosavutika.

Zikanakhala kuti ntchitoyo ndi ya pa galaja, pa chigayo kapena mu shopu ya munthu, pomwe munakambirana pakamwa m'Chichewa, ndikanati Chingerezi chisiyeni. Kumeneko pitani nokha m'mawa makasitomala asanachuluke, mupereke moni, mudikire akufunseni chimene mwadzera.