Ndalama ya inshuwalansi yadulidwa kawiri mwezi umodzi

“Abale ndithandizeni. Ya inshuwalansi yadulidwa kawiri mu akaunti yanga, pa 1 ndi pa 3. Kubanki akundifunsa ngati ndi sitanding'i oda kapena dayirekiti debiti, ine kusiyana kwake sindikukudziwa. Mwezi watha kampaniyo inandisainitsa fomu yatsopano.”

Pepani achemwali, zimawawa ndithu ndalama ikachoka usakuyembekezera. Ine ndikukayikira fomu yatsopanoyo.

Sitanding'i oda ndi lamulo limene inuyo mumapereka ku banki yanu, lakuti tsiku lakuti mwezi uliwonse azitumiza ndalama zakuti ku akaunti yakuti. Ndalamayo sisintha, ndipo wolandirayo sangaimitse kapena kuonjezera. Dayirekiti debiti ndi chilolezo chimene mumapatsa kampani kuti izidzatenga yokha mu akaunti yanu, ndipo mtengo ukakwera imatenga wokwerawo. Tsono ziwirizi sizidziwana. Kusaina chilolezo chatsopano sikufafaniza lamulo lakale lija, banki imangopitiriza kutumiza mpaka mwini wake mutaiuza kuti isiye. Choncho n'kutheka kuti pa 1 banki inatumiza monga mwa masiku onse, pa 3 kampani nayo n'kubwera kudzatenga.

Tsegulani sitetimenti muyang'ane mizere iwiriyo. Mabanki ambiri amalemba SO kapena STO pa sitanding'i oda, ndi DD pa dayirekiti debiti. Mukapeza wina ndi SO wina ndi DD, nkhani ndi yomweyi. Koma onse akakhala DD, yang'anani pakati pawo ngati pali mzere wobweza ndalama. Nthawi zina ulendo woyamba umakanika chifukwa mu akaunti munalibe zokwanira, ndalamayo n'kubwerera, kampani n'kudzayesanso patapita masiku. Zikatero mwalipira kamodzi kokha, ngakhale banki ikhoza kukudulani chindapusa. Onaninso ngati wina walembedwa Pending, chifukwa umenewo sunamalizike.

Pobweza m'pamene anthu ambiri amataya nthawi. Ya sitanding'i oda banki singangoibweza, popeza inachita zimene munailamula. Muitsatire kukampaniko, mutatenga sitetimenti ndi nambala ya polise yanu, muwapemphe abweze kapena aiwerengere mwezi wamawa, ndipo zimene mwagwirizanazo akulembereni. Ya dayirekiti debiti yotengedwa molakwika ndiye mungaidandaule kubanki, koma fulumirani, mabanki ambiri amaika malire a masiku odandaulira.

Chonde musathamangire kuletsa dayirekiti debiti chifukwa cha mkwiyo. Kampani idzaona ngati mwasiya kulipira, ndipo inshuwalansi ikhoza kuima inu osadziwa, n'kudzazindikira tsiku la ngozi. Yofunika kuletsa ndi sitanding'i oda yakaleyo. Chitani zimenezi kudakali masiku angapo lisanafike tsiku lodula, chifukwa mukaletsa dzulo lake nthawi zina imakhala italowa kale pamzere wotuluka. Mukatero tsegulani apu ya banki pamene pali Standing Orders mutsimikize kuti yachokadi.