Chanelo ya kachewere: nkhani imodzi ndi mavidiyo khumi oyamba

"Moni achimwene. Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala kufupi ndi Ulongwe kuno ku Angoniya. Ndikufuna kutsegula chanelo pa YouTube koma mutu wanga wazungulira. Ndimakonda mpira, anzanga amati ndimaseketsa, komanso ndimalima kachewere ndi bambo anga kuyambira ndili mwana. Foni ndili nayo, chovuta ndi mamega. Ndisankhe chiti, nanga ndiyambe ndi mavidiyo otani?"

Achimwene, tengani kachewere. Ndafulumira kuyankha chifukwa pa zitatuzo ndi chokhacho chimene anthu amabwera kale kudzakufunsani. Kumbukirani mwezi wathawu. Ndi angati anaima m'mbali mwa munda wanu n'kufunsa kuti mbewuyi mwaitenga kuti, kapena mwapopera chiyani kuti masamba asapse? Amene anafunsawo ndi oonera anu oyamba, ndipo mafunso awowo ndi mitu ya mavidiyo anu.

Mpira uli ndi msampha. Zithunzi za masewera a pa wailesi yakanema zili ndi eni ake, ndipo mukaika kachidutswa kake vidiyo yanu itha kutsekedwa, mwinanso chanelo n'kulandira chenjezo. Mukapewa zimenezo mumatsala nokha kukamba za gemu imene anthu aonera kale, ndipo pakatha masiku awiri palibe amene akuifunanso. Zoseketsa zimafuna anzanu awiri kapena atatu opezeka sabata iliyonse, ndipo nthawi yopalira ikafika gulu limabalalika. Nthabwala zanu musazitaye ayi. Muziseketsa muli m'munda momwemo, khasu lili m'manja, popeza anthu amakhalitsa pa vidiyo ya munthu wosangalatsa kumumvera.

Koma musalembe kuti chanelo yanu ndi ya "ulimi". Mawuwo ndi otambalala kwambiri. Lero nkhuku, mawa fodya, mkuja chimanga, ndiye munthu amene anakutsatani chifukwa cha nkhuku sadzatsegula vidiyo ya fodya. YouTube imayang'ana amene anaonera vidiyo yanu mpaka kutali, kenako imaonetsa yotsatira kwa anthu ofanana nawo. Mukamasinthasintha nkhani, imasowa woti imupatse. Nkhani yanu ikwane m'chiganizo chimodzi chotchula munthu ndi vuto lake: ndikuthandiza mlimi wa munda waung'ono ku Angoniya ndi Tsangano kulima kachewere, kuyambira pa mbewu mpaka pa msika, m'Chichewa.

Za chilankhulozi ndiimepo pang'ono, chifukwa achinyamata ambiri kuno amaganiza kuti Chipwitikizi ndiye chingawafikitse patali. Mukajambula m'Chipwitikizi mukupikisana ndi a ku Brazil, amene ali ndi mathirakitala ndi makamera odula, ndipo nyengo yawo si yathu. M'Chichewa muli ndi a ku Domwe, a ku Makanga, ndiponso mukangodutsa pa Kalomwe muli ndi a ku Dedza ndi Ntcheu amene amalima mbewu yomweyi pa mapiri omwewa, mvula yake yomweyi. Kuwonjezera apo a ku Chipata amamva bwinobwino. Malire a boma sagwira ntchito pa foni.

Musanajambule chilichonse, tengani kope mulembe mafunso 30 a kachewere amene munamvapo ndi makutu anu. Akakana kufika 30, nkhaniyo ndi yopapatiza ndipo mudzauma mwezi wachitatu. Akafika mosavuta, pitani pa malo ofufuzira a YouTube mulembe "kachewere", kenako "mbatatesi", kenako "batata reno", muone mawu amene akudzitulukira okha pansi pake. Amenewo ndi amene anthu amalemba. Mukapeza kuti mavidiyo a m'Chichewa ndi ochepa, musabwerere m'mbuyo. Anthu athu ambiri safufuza polemba, amalandira vidiyo pa gulu la WhatsApp, ndipo oonera anu zana oyamba adzachokera kumeneko.

Tsopano mavidiyo khumi oyamba aja. Aikeni motsatira munda, kuti vidiyo iliyonse ituluke sabata imodzi kapena ziwiri anthu asanafike pa ntchitoyo. Vidiyo ya kabzalidwe yotuluka anthu atabzala kale imadikira chaka chathunthu.

Yoyamba isakhale ya "ndine uje, takulandirani". Palibe amene akukudziwani, ndiye palibe chomukokera. Yambani ndi mbewu. Yalani chiguduli pansi, ikani kachewere milu itatu: wabwino, waukulu ngati dzira la nkhuku wokhala ndi mphukira zazifupi zonenepa, wa mphukira zazitali zoyera zimene zinamera mumdima ndipo zimathyoka pobzala, ndi wodwala. Dulani wodwalayo pakati kamera ili pafupi, anthu aone mkombero wofiirira mkatimo ndi timafinya toyera timene timatuluka mukafinya. Munthu akaona zimenezo amathamangira ku thumba lake kukadula wake.

Yachiwiri ndi kabzalidwe, muli ndi chingwe ndi kamtengo koyezera: masentimita 75 pakati pa mizere, 30 pakati pa mapando. Yachitatu ndi feteleza wobzalira, mmene mumathirira mumzere n'kukwirira pang'ono kuti asakhudzane ndi mbewu. Yachinayi ndi kukwezera dothi, ndipo mufukule phando limodzi losakwezeredwa kuti muonetse kachewere wobiriwira amene dzuwa lamuwomba, amene sadyedwa ndipo ogula amamukana. Zitatuzi n'zosavuta, mphindi zinayi kapena zisanu iliyonse zakwana.

Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi ndi zimene ndikukhulupirira kuti zidzanyamula chanelo yanu, choncho muzipatse nthawi. Alimi ambiri akaona kachewere akufa amangoti wapsa, n'kukagula mankhwala, pamene matenda ake ndi awiri osiyana. Chiwawu chimabwera mvula ikamagwa mowirikiza kukuzizira, monga zimakhalira mu Januwale ndi Febuluwale. Jambulani m'mamawa mame asanaume, tembenuzani tsamba, muonetse tinthu toyera ngati nkhungu m'mbali mwa banga lakuda lija. Fotokozani kuti mankhwala monga mankozebu amateteza tsamba lisanadwale, sadzutsa lakufa, n'chifukwa chake wopopera mochedwa amataya ndalama. Mlingo wake muwerenge pa pepala la paketi kamera ikuona, musatchule wa pamtima, ndipo popopera muvale zodzitetezera chifukwa anthu adzatengera zimene akuona.

Kufota ndiye kwina. Mtengo umalefuka masamba ali obiriwira, dothi lili lonyowa. Dulani tsinde chakumunsi, lilendeweretseni mu tambula yoonekera mkati ya madzi oyera, ikani foni pa mwala isagwedezeke. Pakapita mphindi zochepa timizere toyera ngati mkaka timayamba kutsika kuchokera podulapo. Imeneyo ndi vidiyo yathunthu, yosafuna mawu ambiri. Pamapeto pake nenani zoona zake: matendawa alibe mankhwala opopera, mtengowo uzulidwe ndi dothi lake, mbewu ya m'mundamo isasungidwe, ndipo malowo asabzalidwe kachewere, tomato kapena fodya kwa zaka zingapo. Kachidutswa ka timizere toyera kaja mukadule pakokha, masekondi 30, kayende pa WhatsApp ndi dzina la chanelo yanu.

Yachisanu ndi chiwiri ikhale ya kukolola: kumweta mitengo pafupifupi milungu iwiri musanakumbe kuti khungu likhwime, ndi kupekesa kachewere ndi chala kuti muone ngati akusupuka. Yachisanu ndi chitatu, kusunga mbewu pa thandala m'chisakasa cholowa kuwala ndi mphepo koma chosalowa dzuwa. Yachisanu ndi chinayi pitani pa msika, pamene pamapakira malole opita ku Tete, muonetse kusankha wamkulu, wapakati ndi wamng'ono, ndi mmene mavenda amafunira thumba losokerera pamwamba. Apo pemphani kaye musanajambule nkhope ya munthu. Ena safuna, ndipo mkangano wa pa msika ungakutayitseni foni.

Yakhumi ndi ya masamu. Khalani pansi ndi bambo anu ndi kope lija, muwerengere poyera zimene zinalowa m'munda umodzi: mbewu, feteleza, mankhwala, aganyu, matumba, ngolo, kenako matumba amene anatuluka ndi mametikali amene munagwira. Ngati munaluza nenani kuti tinaluza. Apempheni bambo chilolezo kaye, chifukwa ndi chuma cha pabanja. Ndipo ngati angalole kuyankhula, apatseni mpata m'mavidiyo enanso. Mlimi mnzawo wamkulu amakhulupirira imvi kuposa mnyamata wa foni.

Pa mamega, jambulani pa 720p, osati pamwamba pake. Oonera anu ali pa mafoni aang'ono ndipo nawonso akusunga mamega, sadzaona kusiyana. Musanatumize yang'anani kukula kwa fayilo, ndipo tumizani usiku kapena m'bandakucha netiweki ikapepuka. Chimene chimapha mavidiyo a kumunda kwathu kuno ndi mphepo. Ine ndinajambulapo vidiyo pa mtunda ku Tsangano mu Julayi, zithunzi zokongola, koma pofika kunyumba mawu onse anali phuu phuu, ndipo ndinabwererako ulendo wachiwiri. Perekani msana ku mphepo, gwiritsani ntchito maikolofoni ya pa mahedifoni mutaikulunga kasiponji, ndipo mverani masekondi khumi oyamba musanapitirize. Mutsimikizenso chanelo ndi nambala ya foni, kuti muziika chithunzi chapachikuto chosankha nokha. Pa vidiyo ya kufota, chithunzicho chikhale tambula ija.

Mutu wa vidiyo ukhale funso monga mmene mlimi amalifunsira. "Kachewere wanga akufota, ndi chiyani?" aposa "Gawo 6". M'mafotokozedwe a pansi muikemo mayina onse atatu a mbewuyi.

Ndalama za YouTube musaziwerengere chaka chino. Kuti chanelo iyambe kugawiridwa za malonda otsatsa pamafunika oitsata 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, ndipo si mayiko onse amene ali m'ndondomekoyi. Phindu loyamba limadza ndi munthu wa ku Zobwe kapena mumzinda wa Tete amene waona mbewu yanu n'kuimba kuti mumusungire matumba.

Khumiwo akakwana, tsegulani YouTube Studio, pamene mwini chanelo amaonera mmene mavidiyo ake akuyendera, muone zinthu ziwiri zokha. Choyamba ndi mzere woonetsa pamene anthu anasiyira kuonera. Ukagwa kwambiri m'masekondi 30 oyamba, vuto si kachewere, ndi malonje aatali. Vidiyo yotsatira muyambe ndi tsamba lodwala lili kale m'manja. Chachiwiri ndi mavidiyo awiri amene aposa anzawo, pamodzi ndi mafunso amene anthu alemba pansi pake. Ngati ndi a matenda, khumi otsatira akhale a matenda ndi tizilombo, ndipo muwapemphe anthu azikutumizirani zithunzi za minda yawo. Nyengo ya kumunda ikatha mudzatsikira kudimba, ndipo mafunso a kuthirira akukudikirani kumeneko.