Zaka 7 zapita, nanga ankhoswe ako ndani?

"Agogo, ndakhala ndi mwamuna zaka 7 ku Area 25, chinkhoswe sitinapange, chaka chilichonse amangoti chaka chamawa. Fizi yake ya kukoleji ndinkalipira ndine, puloti tinagula limodzi. Mtima unachokamo kalekale koma ndikaganiza zaka zonsezi ndimaona ngati ndikachoka ndaluza. Ndili ndi zaka 31. Nditani?"

Mdzukulu wanga, ndawerenga kawiri konse kufuna dzina la malume ako koma sindinalione. Ukundiwerengera zaka ndi fizi, koma funso lomwe ukanayamba nalo ndi loti nkhaniyi ndikaitule kwa ndani. Ana inu mumangotengana m'tauni, kugula matiresi basi banja layamba, ndiye zikavuta mumakhala nokha usiku kuwerengetsera zomwe munataya ngati muli pa golosale.

Kwathu ku Ntcheu banja linali ndi eni ake, ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi. Anthu amaganiza kuti ntchito yao inali kudya nkhuku pa chinkhoswe ndi kumangoti pirira, banja ndi kupirira. Ayi ndithu. Ankhoswe omwewo ndi amene ankamasula banja likafa. Ankakhala pamphasa kamodzi, kawiri, katatu, ndipo akaona kuti munthu sakusintha ankauza mwamuna kuti msudzuleni mwana wathuyu, iye nkupereka kanthu kakang'ono, ngakhale kandalama kachitsulo, onse akuona, kuti aliyense adziwe kuti mkaziyu ndi womasuka. Ine ndakhalapo pamphasa zoterozo kambirimbiri ndipo sindikumbuka nkhoswe akufunsa kuti mwakhala zaka zingati. Ankafunsa kuti chiwabwezereni ulendo watha uja chasintha nchiyani.

Zandikumbutsa chilala cha 1992. Agogo ako aamuna (Mulungu ause mzimu wao, koma anali amakani) anali atathira kale feteleza matumba awiri m'munda wakumtunda, wangongole. Mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula, masamba kupotana ngati anyezi, ukakumba ndi chala dothi louma mpaka pansi. Ine ndinati tiyeni kudambo tikabzale mbatata chinyontho chikadalipo. Iwo akuti ayi, feteleza wanga ali m'menemu. Ndiye m'mawa uliwonse khasu paphewa kukabandira chimanga chakufa, masabata atatu, ngati feteleza uja amva chisoni nkubwerera m'thumba. Mlamu wanga anausiya wake munda tsiku lomwelo, ndipo mbatata zomwe tinkadya mwezi wa June zinali zake, zopempha. Ngongole ija tinabwezabe. Feteleza anapita tsiku lomwe tinathira, koma masabata atatu aja ndi amene tinataya tokha ndi manja athu.

Zaka 7 zakozo ndi feteleza ameneyo mwanawe. Ukhale zapita, uchoke zapita, madzi akatayika saoleka. Chomwe chikadali m'manja mwako ndi chaka cha 8, ndipo ukachiperekanso chaka chamawa udzandilembera kuti zaka 8 nzambiri zedi sindingachoke, ukuona m'mene chimakokera?

Sindikuti longedza lero, munthuyo sindikumudziwa, ndipo pali mabanja ena amene amangodwala osati kufa. Koma dzifunse chonchi, atabwera lero kudzakufunsira, m'mene alilimu, osati m'mene anali mukukumana kapena m'mene umalotera kuti adzakhala, ungamulole? Yankho likabwera loti eya koma fizi ija, dziwa kuti akuyankha ndi fizi osati iwe.

Ndiye kwera minibasi upite kwa malume ako, osati pa foni ayi, ukagwade uwauze zonse ngakhale akukalipire kuti unalowana osawauza. Iwo atumize mau kwa akuchimuna ndipo patchulidwe mwezi, tinene pokolola. Mwamuna wofuna banja amatchula tsiku, amatchula dzina la malume ake ndi mudzi wao, mwina nkuyamba kufunsa mtengo wa nkhuku. Wosafuna amakwiya kuti bwanji ukundiyalutsa kwa anthu, kapena amakugulira chitenje kuti ukhale chete mpaka Khirisimasi. Koma ngati amakumenya usadikire zokolola zilizonse, kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Za fizi iwalako, sukulu ili m'mutu mwake sungaichotsemo. Puloti ndi nkhani ina, imeneyo ikadalipo ndipo imagawika. Lamulo la maukwati la 2015 limati khothi likhoza kuona anthu ngati banja akakhala limodzi zaka zosachepera 5 ngakhale panalibe chinkhoswe, likayang'ananso zina monga katundu wanu ndi m'mene anthu amakudziwirani. Ndiye funafuna pepala lomwe munalemberana pogula, uone lili m'dzina la ndani ndipo mboni anali ndani, ulijambule ndi foni yakoyo usanakwere minibasi. Malume ukawatengereko shuga.