Kubwereketsa masheya omwe simunagule

"Akulu, ndili ku Joni ndipo ndinatsegula akaunti kwa buloka wa ku America. Ndimafuna kumagulitsa makolo pa masheya anga mwezi ndi mwezi, koma masheya 100 a kampani yomwe ndikuifuna ndi $10,000, ine ndili ndi $3,000. Mnzanga akuti ndigule kolo ya chaka m'malo mwa masheyawo, zonse n'chimodzimodzi. Ndi zoona?"

Achimwene, mnzanuyo wanena zoona theka, ndipo theka lomwe wasiyalo ndi lomwe limadya ndalama za anthu. Njirayi imatchedwa dayagono. Kolo ndi kontirakiti yopatsa woigula ufulu wogula masheya pa mtengo wokhazikika, wotchedwa sitiraiki, mpaka tsiku lake lotha. Mumagula kolo yokhalitsa, ya chaka kapena kupitirira, ija pa sikirini amailemba kuti LEAPS, kenako mumagulitsa kolo ya masabata ochepa pa sitiraiki yokwera. Buloka amavomera kuti yaitaliyo ikhale chikole cha yaifupiyo, chifukwa ikukupatsani ufulu wogula masheya 100 pa mtengo wotsika.

Tiyeni tiike manambala, ongoyerekeza koma osatalikirana ndi a pamsika. Sheya ili pa $100. Mwagula kolo ya miyezi 12 ya sitiraiki 80 pa $25, ndiye kuti $2,500 popeza kontirakiti imodzi ndi masheya 100. Mu $25 imeneyi, $20 ndi phindu lomwe lilipo kale (100 kuchotsa 80), pomwe $5 mwalipirira nthawi basi. Delita yake ndi cha m'ma 0.80, kutanthauza kuti sheya ikakwera ndi dola imodzi, kolo yanu ikwera ndi masenti pafupifupi 80. Tsopano mwagulitsa kolo ya masiku 35 ya sitiraiki 107, mwalandira $1.50. Zotuluka m'thumba zonse ndi $23.50 pa sheya.

Musanadine batani, yesani masamu awa:

```
(107 - 80) > (25.00 - 1.50)
27.00 > 23.50
```

Mpata wa pakati pa masitiraiki awiriwo uyenera kuposa ndalama zomwe mwalipira. Chifukwa chake n'chakuti sheya ikathamanga kufika pa 140, makolo onse awiri amatsala ndi mtengo wa nthawi wochepa kwambiri, ndipo kusiyana kwawo kumayandikira mpata uja, $27. Apa mutuluka ndi phindu la $350 kapena kuposerapo pang'ono. Koma taonani munthu wofuna zotchipa: wagula sitiraiki 90 pa $18, wagulitsa 105 pa $1.80. Walipira $16.20, mpata ndi $15. Sheya ikauluka, iye aluza pafupifupi $120 chonsecho analosera bwino kuti ikwera. Mwini masheya enieni zimenezi sizingamuchitikire. N'chifukwa chake ndimati kolo yaitali ya delita yosafika 0.75 si mlowam'malo wa masheya, ndi kubetcha chabe.

Ndiye pali $5 ya nthawi ija. Imasungunuka, mufune musafune, pafupifupi masenti 42 pa mwezi mukaigawa mofanana, ngakhale kuti imathamanga kwambiri kumapeto. Pa $1.50 yomwe mwalandira mwezi uno, yanu yeniyeni ndi kadola kamodzi ndi timasenti. Anthu pa intaneti amakonda kugawa 1.50 ndi 25 n'kumalengeza kuti akupeza 6 peresenti pa mwezi. Masamu amenewo ndi abodza. Saphatikizamo nthawi yosungunukayo, saphatikizamo miyezi yomwe mudzagulenso kolo yaifupi modula kuposa momwe munaigulitsira, ndiponso amaiwala kuti mwini kolo salandira dividendi.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi mawu akuti "zotchipa". Tinene kuti patha miyezi 3 sheya yagwa kufika pa 80. Mwini masheya 100 waluza $2,000, omwe ndi 20 peresenti ya chuma chake, ndipo angathe kudikira zaka zisanu ngati akufuna. Kolo yanu ya $25 tsopano ili cha m'ma $9. Mwaluza $1,600, zocheperapo ndithu m'madola, koma ndi 64 peresenti ya zomwe munaika, ndipo wotchi ikuyenda. Sheya ikakhala pa 80 kapena pansi mpaka tsiku lotha, $2,500 yonse yapita. Vuto lenileni limabwera munthu akaona kutchipako n'kunena kuti ndi $10,000 agula madayagono anayi. Ameneyo wanyamula masheya 400 ndi ndalama za masheya 100, ndipo kugwa komweko kumulanda $6,400. Kwa inu, $2,500 pa $3,000 ndi pafupifupi akaunti yonse pa kampani imodzi. Ine ndikuti n'zochuluka kwambiri.

Pansipo palinso msampha wina. Sheya ili pa 80, kolo ya 107 palibe akuigula, mwina masenti 5. Mtima umati gulitsani ya 85 kuti mulandireko kena kake. Mukatero mpata watsika kufika pa $5, pomwe inu munalowetsa zoposa $20. Sheya ikabwerera pa 100 mwadzidzidzi, mwadzitsekera m'kutaya nokha. Bola kukhala mwezi osagulitsa kalikonse.

Za dividendi ndizibwerezenso, chifukwa m'pamene anthu amadzidzimuka m'mawa. Makolo a masheya a ku America, amene anagula kwa inu angathe kuwagwiritsa ntchito tsiku lililonse, osati pa tsiku lotha lokha. Kolo yanu yaifupi ikakhala kuti sheya yaidutsa, ndipo mtengo wa nthawi wotsala ndi wochepa kuposa dividendi ikubwerayo, yembekezerani kuti aitanitsa masheya lisanafike tsiku la ex-dividend, lomwe wogula sheya salandiranso dividendiyo. Mudzadzuka akaunti ikuonetsa -100, masheya omwe mwagulitsa musanakhale nawo, ndipo dividendiyo mulipira ndinu. Pa tsiku lotha, bungwe la OCC, loyendetsa makontirakiti amenewa ku America, limaitanitsa lokha kolo iliyonse yomwe sheya yaidutsa ndi senti imodzi yokha.

Zikatero mutani?

Musathamangire kugwiritsa ntchito kolo yaitali kuti mupereke masheyawo, chifukwa mukatero mwataya mtengo wa nthawi wonse wotsalamo. Kawirikawiri bola kugula masheya 100 pamsika kutseka dzenjelo, n'kugulitsa kolo yaitaliyo payokha. Pa akaunti yaing'ono buloka sadikira, angathe kukutsekerani yekha pa mtengo uliwonse wapezeka. Ndiponso muyang'ane kaye ngati akaunti yanu ili ndi chilolezo cha masipuredi, kugula kolo ina n'kugulitsa ina pamodzi ngati m'dayagonomu, chifukwa mabuloka ambiri amafuna akaunti ya majini, yolola kubwereka kwa buloka, ndi mlingo wa chilolezo wokwera kuposa wa kolo yokhala ndi masheya kumbuyo. Ku America akaunti ya majini imafuna $2,000 poyambira.

Ngati mukufunabe, sankhani sheya kapena ETF yotsika mtengo, kuti dayagono imodzi isadye gawo lalikulu la $3,000 yanuyo, komanso yomwe makolo ake aatali kusiyana kwa Bid ndi Ask, mtengo womwe ogula akupereka ndi womwe ogulitsa akufuna, kuli kochepa. Pa makampani ang'onoang'ono kusiyanako kokha kungakudyereni ndalama za mwezi wathunthu. Yaitali ikhale ya delita 0.80 kupita m'mwamba, yaifupi ya masiku 30 mpaka 45 pa delita 0.20 mpaka 0.30, ndipo isadutse tsiku lomwe kampani ikulengeza phindu lake. Lowani ndi oda ya Limit imodzi ya makolo onse awiri. Yaifupi ikatsika kufika theka la mtengo womwe munaigulitsa, iguleninso. Yaitaliyo ikatsala ndi miyezi 3 kapena 4, igulitseni kapena muisinthe ndi ina yakutsogolo.