Magazi ali bwino koma akuti ndi linifoma: kodi ndi khansa ya m'magazi?

Funso: "Abale a m'gulu muno ndithandizeni. Achimwene anga a zaka 38, a ku Domwe, ali ndi chotupa pakhosi mwezi wachinayi uno. Anamwa mankhwala a TB miyezi iwiri osasintha. Ku Tete anawadula kanyama, pepala labwera akuti linifoma. Amalume akuti ndi khansa ya m'magazi yomwe inapha mwana wa m'mudzi mwathu pa masabata ochepa, ndiye tisataye ndalama. Ena akuti pepala lalakwika chifukwa magazi atayeza anati ali bwino. Zoona ndi ziti?"

Achemwali, pepani ndi matendawa. Ine ndine namwino, ndagwira ntchito m'chipinda chogonekamo odwala aakulu zaka zambiri. Pepala silinalakwike, ndipo nthenda ya achimwene anu si imene amalume akuyikumbukira. Matenda awiriwa ndi apachibale, n'chifukwa chake anthu amawasokoneza, koma amayambira malo osiyana, ndipo kusiyana kwina konse kumachokera pamenepo.

Magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa, m'mafuta aja a m'mafupa. Mmenemo ndi mmene mumabadwa maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera olimbana ndi matenda, ndi tizidutswa tothandiza magazi kuundana munthu akatemeka. Mtundu umodzi wa maselo oyera, malimfosaiti, ukakhwima umatuluka n'kukakhala m'timabere ting'onoting'ono tomwe tili m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, m'chifuwa ndi m'mimba, komanso mu kapamba. Timabereti tilipo mazanamazana mwa munthu aliyense. Mukakhala ndi bala kuphazi n'kutupa mwanabere m'mphechepeche, ndi maselo amenewa akugwira ntchito yawo, ndipo bala likapola mwanabere amaphwa.

Poti kwathu ku Angonia tonse tinafesapo tomato kapena fodya, ganizani za nazale ndi munda. Mafuta a m'mafupa ndiye nazale. Leusemiya, imene anthu amati khansa ya m'magazi, ndi udzu womera pa nazale penipenipo n'kutsamwitsa mbande zonse zisanawokedwe. Linifoma imayamba mbande itawokedwa kale, pa phando limodzi m'munda, nazale ikadali bwinobwino.

Ndiye taonani mmene mwana wa leusemiya yachangu amaonekera. Maselo ofiira akasowa amayera m'maso ndi m'manja, kuyenda pang'ono wefuwefu. Maselo oyera abwino akasowa, thupi limangotentha, mankhwala a malungo osathandiza. Tizidutswa toundanitsa magazi tikasowa, amatuluka kamfuno, nkhama zimachucha magazi akamatsuka mano, pakhungu pamabwera timadontho tofiira ndi mikwingwirima osamenyedwa. Ambiri amalira mafupa a miyendo usiku. Zonsezi zimachitika pa masabata, ndipo magazi a m'kabotolo kamodzi amaulula: hemogulobini, yomwe imaonetsa kuchuluka kwa maselo ofiira aja, mwina 5 m'malo mwa 12 kapena 13, tizidutswa tija mwina 20,000 pomwe munthu wabwino amakhala ndi 150,000 kupita m'tsogolo, ndipo pa galasi loonera tinthu tating'ono pamaoneka maselo osakhwima amene sayenera kupezeka m'magazi oyenda. Potsimikiza amaboola fupa la m'chiuno kumbuyo n'kukoka mafuta pang'ono. Ndikukhulupirira kuti mwana amene amalume akunena anaoneka chonchi.

Achimwene anu nkhani yawo ndi ina. Selo limodzi m'mwanabere wa pakhosi linasokonekera n'kuyamba kuswana osaleka, ndipo ana ake anaunjikana pomwepo n'kupanga chotupa. Mafupa akupitiriza kupanga magazi monga mwa masiku onse. N'chifukwa chake munthu angathe kukhala ndi chotupa chachikulu pakhosi koma magazi ake n'kutuluka abwino, kapena kungochepa pang'ono, hemogulobini 11 choncho. Izi ndimafuna abale onse amve, chifukwa ndaona mabanja akubwerera kumudzi akusangalala kuti "magazi ali bwino" n'kudzabweranso patapita theka la chaka wodwala akulephera kumeza. Kuyeza magazi sikungapeze linifoma, sikungayikanenso. Imapezeka podula mwanabereyo, makamaka wathunthu, n'kukamuona pa galasi. Zimene anachita ku Tete zija ndiye njira yake yeniyeni, ndipo pepala limenelo ndi lolemera kuposa mapepala onse a magazi amene muli nawo.

Za mankhwala a TB aja musakwiyire munthu. Kuno kwathu chotupa cha pakhosi chokhalitsa nthawi zambiri chimakhaladi TB, ndipo zizindikiro zimafanana kwambiri: kutentha thupi madzulo, thukuta la usiku lonyowetsa chofunda, kuwonda. Pogwira ndi chala, mwanabere wa linifoma amakhala wolimba ngati labala, sapweteka, ndipo amangokulirakulira. Wa TB kawirikawiri amagwirana ndi anzake, kenako n'kufewa pakati, mwina kuphulika n'kumatuluka mafinya. Koma chala chokha chimanamiza. Chimene ine ndimauza aliyense n'chakuti chotupa chikapitirira kukula munthu atamwa mankhwala a TB mokhulupirika miyezi iwiri, pemphani kuti adule kanyama. Ndipo wina asakagule mapiritsi a peredinizoloni kumsika chifukwa chakuti amaphwetsa chotupa. Amaphwetsadi kwa masiku ochepa, koma amabisa nthenda moti kanyamako kakadulidwa sikaonetsanso bwino.

Tsopano tengani pepala lija muwerengenso, chifukwa mawu akuti linifoma okha sakwanira. Pali magulu awiri akuluakulu. Ina imatchedwa ya Hodgkin, dzina la dokotala wa ku Mangalande amene anayifotokoza mu 1832. Imakonda achinyamata, imayenda mwadongosolo kuchoka pa mwanabere wina kupita kwa woyandikana naye, ndipo ndi imodzi mwa khansa zomwe zimachiritsika kwambiri. Zina zonse zimatchedwa zosakhala za Hodgkin, ndipo m'gulu limeneli muli mitundu yambiri. Ina imayenda pang'onopang'ono kwa zaka, ina imathamanga. Yothamanga kuposa zonse ndi ya Burkitt, ija imatupitsa ana nsagwada kapena mimba m'madera a malungo ngati athu ano. Denis Burkitt anayilemba mu 1958 ali ku Uganda, ndipo chotupa chake chimatha kuwirikiza kukula pa tsiku limodzi kapena awiri. Kwa munthu wamkulu ngati achimwene anu, imene timakumana nayo kawirikawiri ndi ya maselo akuluakulu, ochokera ku malimfosaiti otchedwa a mtundu wa B. Chodabwitsa n'chakuti zothamangazi ndi zimene zimamva mankhwala bwino, chifukwa mankhwala a khansa amagwira kwambiri selo limene likuswana.

Dokotala akadziwa mtundu, amafuna kudziwa pamene nthenda yafika. Adzajambula chifuwa, adzaunika m'mimba, mwina adzaboolanso fupa. Malire amene amayang'ana ndi mnofu wopumira uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Ngati chotupa chili pakhosi pokha, ndi gawo 1. Ngati chili pakhosi ndi m'khwapa, zonse kumtunda kwa mnofuwo, ndi gawo 2. Chikapezeka kumtunda ndi kumunsi komwe, monga pakhosi ndi m'mphechepeche, ndi gawo 3. Chikalowa m'chiwindi kapena m'mafuta a m'mafupa, ndi gawo 4. Adzafunsanso zinthu zitatu, ndiye konzekerani kuyankha molondola: kodi thupi limatentha kupitirira 38 popanda malungo, kodi thukuta la usiku limanyowetsa zovala, ndipo kodi awonda kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lawo pa miyezi 6. Mwachitsanzo ngati ankalemera makilo 60 ndipo pano ali pa 53, yankho ndi inde. Khadi la TB lija lili ndi sikelo yawo ya mwezi ndi mwezi, litengeni.

Mukadzamva kuti gawo 4, mtima usagwe ngati mmene zimakhalira ndi khansa ya kummero kapena ya khomo la chiberekero. Linifoma sachiza ndi mpeni, amachiza ndi mankhwala oyenda thupi lonse, ndiye amayipeza kulikonse kumene yafika, ndipo anthu a gawo 3 ndi 4 amachira ndithu, ngakhale si onse. Komanso ikalowa m'mafupa dzina lake silisintha, imakhalabe linifoma ndipo mankhwala ake ndi a linifoma. Pali mitundu ingapo yokhala pamalire, imene madokotala amayitcha linifoma ikakhala m'timabere ndi leusemiya ikadzaza m'mafupa ndi m'magazi, koma zimenezo pepala lenilenilo limanena.

Pa chithandizo m'pamene kusiyana kumakhudza thumba la banja. Leusemiya yachangu imafuna kugona m'chipatala masabata ambiri, kuikidwa magazi kawirikawiri, ndipo kwa ana chithandizo chonse chimatenga zaka ziwiri kapena kuposa. Linifoma ya maselo akuluakulu ija amachiza ndi mankhwala anayi otchedwa CHOP: atatu kudzera m'diripi tsiku limodzi, ndi mapiritsi a peredinizoloni masiku 5. Amabwereza pa masiku 21 aliwonse, kawirikawiri maulendo 6, ndiye kuti miyezi inayi ndi masiku ochepa. Kumene alipo amawonjezera wachisanu, ritukisimabu. Ya Hodgkin ili ndi mankhwala ake ena, operekedwa pa masabata awiri aliwonse. Asanayambe adzayeza HIV ndi nthenda ya chiwindi ya mtundu wa B. Musakane, chifukwa HIV imachulukitsa linifoma, ndipo amene ali nayo amalandira mankhwala a khansa akumwabe ma ARV osadumphitsa.

Ulendo woyamba ukatha, mkodzo umafiira tsiku limodzi kapena awiri; ndi mtundu wa mankhwala, si magazi. Amwe madzi ambiri, chifukwa chotupa chikamasungunuka zinyalala zake zimadutsa mu impso. Tsitsi limayamba kuthothoka sabata yachiwiri kapena yachitatu ndipo limadzameranso. Masiku oopsa ndi kuyambira la 7 mpaka la 14 atalandira diripi ya ulendo uliwonse, pamene maselo oyera amatsika kwambiri. Gulani choyezera kutentha kwa thupi. Chikafika 38 m'masiku amenewo, usiku kapena usana, athamangire kuchipatala cha ku Ulongwe ndi pepala la mankhwala awo m'manja, osayamba amwa panado n'kudikira kuti kuche.

Chimene chimagonjetsa mabanja ambiri ndi ichi: pakatha maulendo awiri chotupa chimasowa, wodwala amadya nsima bwinobwino, ndalama zoyendera zatha, ndiye abale amati wachira. Zotsalira zosaoneka zija zimadzuka, ndipo ikabwerera imavuta kuposa poyamba. Choncho khalani pansi ndi amalume tsopano, muwerengere ndalama za maulendo onse 6, osati woyamba wokha, ngakhale zitafuna kugulitsa matumba a mbatata kapena ng'ombe. Kaya dokotala akutumizani ku Beira kapena ku Maputo, kaya inu mwaona kuti kufupi n'kudutsa pa Calomue kupita ku Lilongwe, sankhani chipatala chimodzi n'kumalizira komweko. Pepala la kanyama lija lijambuleni pa foni ndipo mupangitse makope, lenileni lisachoke m'manja mwanu.

Auzeninso alamu anu kuti nthendayi siyopatsirana. Asawapatulire mbale kapena chipinda, ndipo ana angathe kukhala pamiyendo pa bambo awo, kupatula mwana amene ali ndi chimfine kapena katsabola, makamaka m'masiku a 7 mpaka 14 aja.