Minasi ya pa v ikukuuza kumene chithunzi chili

"Aphunzitsi, lenzi yotupa pakati ili ndi f = 10 cm, ndipo chinthu chaikidwa pa 6 cm. Ndi fomula ya m'buku la kusukulu ndapeza v = −15 cm, koma ndi ya m'buku lina lobwereka ndapeza 3.75 cm. Kodi mtunda ungakhale ndi minasi? Ndilembe yankho liti?" Wa Fomu 4, ku Bangula.

Mwana wanga, kalata yako yandikhudza, chifukwa minasi yomweyi inandidyera malikisi ndili pa msinkhu wakowo. Ndinkaphunzira kufupi ndi Ngabu, pasukulu imene inalibe lenzi ngakhale imodzi, moti tinkangoloweza 1/f = 1/u + 1/v ngati nyimbo, pomwe u ndi mtunda wochokera pa lenzi kufika pa chinthu, ndipo v ndi wofika pa chithunzi. Pa mayeso ena ndinapeza yankho la minasi, ndinachita mantha, ndipo ndinaifufuta. Aphunzitsi anadula yankho langa osandiuza chifukwa chake, ndipo ndinatha teremu yonse ndikuganiza kuti ndinalakwitsa kuwerengera.

Chimene chinanditsegula maso ndi magalasi owerengera a agogo anga, amenenso ndi malenzi otupa pakati. Masana ena mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa kuno lili paliwombo, ndinawagwira pamwamba pa pepala n'kumawakweza mpaka kuwala kunasonkhana pa kadontho kamodzi, ndipo pepala linayamba kufuka utsi. Kadonthoko kanali chithunzi chenicheni cha dzuwa, chifukwa kuwala kunakumanadi pamenepo, ndipo mtunda wochokera pa galasi kufika papepala ndiwo f. Kenaka ndinabweretsa magalasiwo pafupi ndi zilembo za m'buku, zilembo zinakula, koma panalibe pamene ndikanaika pepala kuti ndigwire chithunzi chimenecho. Chinali chongooneka ndi diso, ndipo ndi chithunzi chotere chimene minasi imanena. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti kuphunzitsa fomulayi mwana asanagwireko lenzi ndi kumulakwira, ndipo kumulola kuwerengera asanajambule mizere ya kuwala ndi kumulakwira kawiri.

Mabuku ako awiriwo sakutsutsana, akungotsata malamulo osiyana a zizindikiro. Loyambalo likuti mtunda wa chinthu kapena chithunzi chenicheni ndi pulasi, wa chongooneka ndi minasi. Choncho 1/v = 1/10 − 1/6 = 3/30 − 5/30 = −2/30, ndiye v = −15 cm. Linalo, lolemba 1/v − 1/u = 1/f, limayeza monga pagirafu: poyambira ndi pa lenzi, kumene kuwala kukulowera ndi pulasi, kumene kukuchokera ndi minasi. Mwa lamulo limeneli u ndi −6, ndipo yankho limatulukanso −15 cm. Iwe unatenga fomula ya buku lachiwiri n'kuikamo u wa pulasi wa buku loyamba, ndiye kunabadwa 3.75. Nambala imeneyi ukanaikana usanaonenso masamu ako, pakuti pa lenzi yotere chithunzi chenicheni cha chinthu sichingagwe pamtunda wochepera f, ndipo 3.75 ndi yochepera 10.

Jambula usanawerengere

Tenga pepala la magirafu, 1 cm iimire 2 cm. Lemba mzere wopingasa, imika lenzi pakati, ika F, kadontho kosonkhanapo kuwala, pa 5 cm mbali zonse ziwiri, ndipo kumanzere, pa 3 cm, imika kamuvi kotalika 1 cm. Kuchokera kunsonga ya kamuviko, mzere woyamba uyende mofanana ndi mzere wopingasa uja kufika pa lenzi, kenaka upindike kudutsa pa F wakumanja. Wachiwiri udutse pakati penipeni pa lenzi osapindika. Uona kuti kumanjako mizereyi ikutalikirana, siikumana konse. Ibweze kumanzere ndi timizere toduladula, ndipo ikumana pa 7.5 cm, pamwamba pa mzere wopingasa ndi 2.5 cm. Umenewo ndiwo mtunda wa 15 cm, mbali imene kuli chinthucho, chithunzi chili chiimire, chitakula mwa 15/6, kutanthauza 2.5. Chinthucho chikanakhala kunja kwa F, tinene pa 30 cm, mizere ikanakumanadi kumanja pa 15 cm ndipo chithunzi chikanazondoka.

Uchenjere ukafika pa kalilole wolowa mkati ngati mbale. Ndi manambala omwewa, lamulo loyamba limapereka −15 cm, koma uku ndi kuseri kwa kaliloleyo, chifukwa kuwala kumabwerera ndipo zithunzi zenizeni zimakhala kutsogolo kwake. Lamulo la girafu lija, pomwe fomula ya kalilole ndi 1/v + 1/u = 1/f ndipo f ndi −10, u ndi −6, limapereka +15 cm pa chithunzi chomwecho. Apa ndi pamene wosakaniza mabuku amasokonekera kotheratu.

Lemba v = −15 cm, tsata lamulo la buku la kusukulu kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo uonjezere m'mawu kuti chithunzi ndi chongooneka, choimirira, chachikulu, ndipo chili mbali imodzi ndi chinthucho.